Chifukwa chake "chakuda" chimatsogolera "chachikopa" m'Chingerezi

Munthu wolankhula Chichewa akaiwala chikwama m'minibasi, pofotokozera kondakitala amayamba n'kutchula chinthu chenichenicho, kenako n'kumawonjezera mawu ochifotokoza mmene akumufikira m'mutu. Anganene kuti "chikwama chakuda chachikopa chaching'ono", kapena "chikwama chachikopa chaching'ono chakuda", ndipo kondakitala amva bwinobwino popanda kudabwa. Dzina lili patsogolo, afotokozi akutsatira pambuyo, ndipo aliyense wa iwo wavala mgwirizanitsi *cha-* wosonyeza kuti akunena za chikwama chomwecho.

M'Chingerezi zinthu zimayenda mwina. Afotokozi ndiwo amatsogola, dzina n'kubwera pomalizira, ndipo afotokoziwo sangoima mwachisawawa. Mwini chiyankhulocho amati *a small black leather bag*. Mukanena kuti *a leather black small bag* akumvani ndithu, chikwamacho adzachizindikira, koma khutu lake limuuza nthawi yomweyo kuti china chake chapendekeka. Mukamufunsa chimene chalakwika, nthawi zambiri sangathe kukuuzani, chifukwa lamuloli sanaliphunzire m'kalasi. Analitola ali mwana, monga momwe ife tinatolera zakuti "mwana wabwino" koma "chikwama chabwino" tisanamvepo za magulu a mayina.

J. R. R. Tolkien, mlembi wa ku Mangalande, anasimba m'kalata imene analembera W. H. Auden mu 1955 kuti ali ndi zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri analemba kankhani ka chinjoka chachikulu chobiriwira. Mayi ake atawerenga sanalankhulepo za chinjokacho. Anangomuuza kuti walakwitsa poika liwu la kubiriwira patsogolo pa liwu la kukula. Tolkien ananena kuti ngakhale atakula ankadabwabe kuti n'chifukwa chiyani ziyenera kutero. Mu 2013 Mark Forsyth anafotokoza za lamuloli m'buku lake lotchedwa *The Elements of Eloquence*, ndipo mu 2016 ndime imeneyo itafalitsidwa pa Twitter, eni Chingerezi ambiri anazizwa kumva kuti akhala akutsatira lamulo limene sankadziwa n'komwe kuti lilipo.

Malo asanu ndi atatu

Mabuku ambiri ophunzitsa Chingerezi amati pakati pa kamawu koyambira, monga *a*, *the* kapena *my*, ndi dzina lenilenilo pali malo asanu ndi atatu, ndipo mfotokozi aliyense ali ndi pake.

Koyambirira kwenikweni kumakhala ganizo la wolankhula: *beautiful*, *ugly*, *nice*, *useless*. Kenako msinkhu wa chinthucho, monga *big*, *small*, *tall*, ndipo pambuyo pake zaka zake, monga *old*, *new*, *young*. Malo achinayi ndi a kaumbidwe, *round* kapena *square*, achisanu ndi a utoto, *red* kapena *black*. Atatu otsalawo ndiwo oyandikana ndi dzina: dziko kapena dera kumene chinthucho chachokera, monga *Zambian* kapena *Chinese*, chimene anachipangira, monga *wooden*, *cotton*, *plastic*, ndipo pomalizira ntchito yake, monga *cooking* mu *cooking pot* kapena *school* mu *school bag*. Manambala sali m'gulu la asanu ndi atatuwa. Iwo amaima patsogolo pa onse, kungotsatira kamawu koyambira kaja: *my two old bicycles*.

Kuloweza mndandandawu n'kotheka, ndipo tifikako. Koma amene wangoloweza amasowa pogwira akakumana ndi liwu losalowa m'malo alionse mwa asanu ndi atatuwo. Kodi *broken* ndi ganizo kapena kaumbidwe? Nanga *heavy*, *soft*, *cheap*? Ndiye tiyambe taona chimene chimaika mawuwa pamzere wotere.

Chokanganirana chimakhala kutali

Tiyerekeze kuti amayi awiri ali pamsika, akuyang'ana chitenje chimodzi. Wina akuti n'chokongola, mnzake akuti ayi, maluwa ake achuluka. Angakangane mpaka dzuwa kulowa popanda wolakwa, chifukwa kukongola kuli m'maso mwa woonayo. Akayamba kukangana zoti chitenjecho n'chachikulu kapena ayi, mkangano ukhalapobe koma wocheperako: chachikulu poyerekeza ndi chiti? Zoti n'chatsopano kapena chakale, mpata wosiyana maganizo ukucheperachepera. Zoti n'chofiira, pafupifupi aliyense woona avomereza. Ndipo akafika poti chinachokera ku Tanzania, kapena poti n'chathonje, palibenso za maganizo. Mmodzi akulondola, winayo akulakwa, basi.

Mzere wa afotokozi a Chingerezi umatsata njira yomweyi. Liwu limene anthu awiri angasiyanepo maganizo popanda wolakwa limakhala kutali ndi dzina, ndipo liwu losatsutsika limakhala pafupi. N'chifukwa chake chitenje chija chimakhala *a beautiful new red Tanzanian cotton wrapper*. Mfundoyi si yatsopano. Henry Sweet, katswiri wa galamala ya Chingerezi, analemba kale mu 1898 kuti mfotokozi amene tanthauzo lake lamangika kwambiri ku dzina ndiye amayandikana nalo. Mu 2017 akatswiri atatu, Gregory Scontras, Judith Degen ndi Noah Goodman, anaiyesa mfundoyi pa anthu olankhula Chingerezi. Ankawapatsa mfotokozi n'kuwafunsa ngati anthu awiri otsutsana pa liwu limenelo angakhale olondola onse. Anapeza kuti mawu amene anthu ambiri ankati inde, onse angalondole, ndi omwewo amene anthu amakonda kuwaika kutali ndi dzina.

Tsopano *heavy* sakuvutanso. Katundu wolemera kwa mwana ndi wopepuka kwa wamkulu, choncho liwuli likhala chakutsogolo, moyandikana ndi mawu a msinkhu, ndipo lidzatsogolera utoto ndi chopangira: *a big heavy black box*. *Cheap* nayenso ndi wokanganirana, pakuti chotchipa kwa wina n'chodula kwa mnzake: *a cheap plastic bucket*. Ngakhale mkati mwa mawu a ganizo muli kusiyana. Liwu loyamikira chilichonse, monga *nice* kapena *lovely*, limatsogolera liwu loyamikira mbali imodzi yokha: *a nice comfortable chair*.

Pali njira ina yoyesera, imene imathandiza kwambiri kumapeto kwa mzere. Tengani liwulo muliike pambuyo pa *is*. *The bag is black* akumveka, *the bag is small* akumvekanso, koma *the bag is school* n'zosamveka. Yesaninso kuika *very* patsogolo: *very old* zikutheka, *very cooking* sizingatheke. Liwu lokana mayeso awiriwa si mfotokozi weniweni. Ndi dzina kapena mneni amene wamamatira ku dzina linzake n'kupanga nalo dzina limodzi la chinthu, ndipo palibe liwu lina limene lingalowe pakati pawo. *Cooking pot* ndi chinthu chimodzi, chotero *a cooking black pot* n'kulakwitsa koonekeratu, pamene *a black cooking pot* ali bwino.

Kumanga kuyambira kumbuyo

Tibwerere ku chikwama. Tinene kuti mwana wasukulu wataya chikwama chake ndipo mphunzitsi wamuuza kuti alembe chidziwitso m'Chingerezi chokamata pabolodi. M'mutu mwake muli mawu asanu: n'chakale, n'chakuda, n'chasukulu, n'chaching'ono, n'chachikopa. Ophunzira ambiri amayamba kulemba kuchokera kumanzere, n'kumaika mawu mmene akuwakumbukirira, ndipo pamenepo ndi pamene zimasokonekera. Wolankhula Chichewa anazolowera kuyamba ndi dzina, ndiye achite zomwezo: alembe *bag* kumanja kwa pepala, n'kumawonjezera mawu chobwerera kumanzere.

Funso loyamba ndi lakuti, n'chikwama chantchito yanji? Chasukulu: *school bag*. Anachipanga ndi chiyani? Chikopa: *leather school bag*. Kumene chinachokera mwanayo sakudziwa, ndiye malowo angowadumpha, pakuti palibe lamulo loti onse adzaze. Utoto: *black leather school bag*. Za kaumbidwe palibe chonena. Zaka: *old black leather school bag*. Msinkhu: *small old black leather school bag*. Pomalizira aike kamawu koyambira, ndipo apa pali kamsampha. *A* kapena *an* amasankhidwa potengera liwu limene akutsamirana nalo, osati dzina. Ndi *a small old bag*, koma *small* akachotsedwa zimasanduka *an old bag*.

Njirayi ili ndi ubwino wina. Mukawerenga mawu a Chingereziwo chobwerera, kuchokera ku dzina, mupeza Chichewa chomveka bwino: chikwama chasukulu chachikopa chakuda chakale chaching'ono. Akatswiri a ziyankhulo anaona kuti m'ziyankhulo zina zoika afotokozi pambuyo pa dzina, monga Chiarabu ndi chiyankhulo cha ku Thailand, mzere umakonda kukhala womwewu koma wotembenuka, kotero kuti liwu loyandikana ndi dzina m'Chingerezi limayandikana nalonso kumeneko. Chichewa chili ndi ufulu wochuluka pa nkhaniyi, komabe nafenso tili ndi mawu osalekanitsika. Timati "nyumba yaudzu yaying'ono" kapena "nyumba yaying'ono yaudzu" popanda vuto, koma "njinga yamoto yatsopano" sitingaisinthe kukhala "njinga yatsopano yamoto" khutu osadandaula, chifukwa "njinga yamoto" ndi dzina la chinthu chimodzi. Amene wamvetsa zimenezi wamvetsanso *cooking pot*.

Chidziwitso cha mwana uja chili ndi afotokozi asanu, ndipo kunena zoona achuluka. Galamala yake ili bwino, koma eni Chingerezi kawirikawiri amaika mmodzi kapena awiri, ndipo opitirira atatu sapezekapezeka. Mizere yaitali chonchi imapezeka makamaka m'mabuku a galamala ndi m'mafunso a mayeso. Wolemba wanzeru akanasankha atatu othandiza kuzindikira chikwamacho, otsalawo n'kuwaika m'chiganizo chachiwiri: *I have lost a black leather school bag. It is small and quite old.*

Zothandiza kukumbukira

Njira yotchuka kwambiri ndi liwu lopanga lakuti OSASCOMP, lochokera ku zilembo zoyamba za *opinion, size, age, shape, colour, origin, material, purpose*. Aphunzitsi ena amawonjezera D patsogolo, kuimira *determiner*, timawu toyambira tija. Liwuli limatchulika mosavuta ndipo limalembeka msanga m'mphepete mwa pepala la mayeso. Vuto lake n'lakuti lili ndi O awiri ndi S awiri. Ma O savuta kwenikweni ngati mukukumbukira kuti ganizo limakhala kutali, koma ma S amasokoneza ambiri. S woyamba ndi *size*, wachiwiri ndi *shape*, ndipo chitsanzo chimodzi chokha, *a big round table*, chingakukumbutseni zimenezi nthawi zonse.

Amene akufuna kukumbukira m'Chichewa angathe kusankha mawu oyamba ndi zilembo zosabwerezeka: ganizo, msinkhu, zaka, kaumbidwe, utoto, dziko, chopangira, ntchito. Zilembo zake ndi G, M, Z, K, U, D, C, N, ndipo zimakwanira bwino mu uthenga wotuma mwana kumsika: "Gulani mbatata, zitumbuwa, kabichi, ufa, dzungu, chinangwa, nyemba." Mungathe kupanga chiganizo chanuchanu. Chimene munthu wadzipangira yekha, makamaka chikakhala choseketsa, sichiiwalika msanga.

Kwa ine, njira yoposa zonsezi ndi kugawa mzerewo patatu m'malo mwa pasanu ndi patatu. Kutsogolo kuli zimene ndikuganiza za chinthucho. Pakati pali zimene maso akuona: kukula, ukalamba, kaumbidwe, utoto. Kumapeto kuli zimene chinthucho chili: kwawo, chopangira, ntchito. Zolakwitsa zimene zimapweteka khutu la mwini chiyankhulo ndi zodumpha malire a zigawo zitatuzi, monga *a wooden beautiful chair* kapena *a Japanese old car*. M'chigawo chapakati, chofunika kugwiritsitsa n'chakuti msinkhu umatsogola ndipo utoto umatsiriza. Zapakati pa awiriwa ngakhale mabuku sagwirizana. OSASCOMP amaika zaka patsogolo pa kaumbidwe, pamene malangizo a galamala a Cambridge amaika kaumbidwe patsogolo pa zaka. Choncho *an old round table* ndi *a round old table* onse amamveka, ndipo pamayeso chanzeru n'kutsata mndandanda wa buku limene kalasi yanu ikugwiritsa ntchito.

Njira zonsezi ndi zapapepala. Polankhula palibe amene ali ndi nthawi yowerenga zilembo zisanu ndi zitatu asanatsegule pakamwa. Chimene chimathandiza pamenepo ndi timagulu ta mawu awiriawiri tozolowereka, tonenedwa mokweza mpaka khutu litazolowera: *nice big*, *big old*, *old red*, *red plastic*. Khutu likazolowera *big black*, lidzakana lokha *black big* musanaganize n'komwe za lamulo.

Pamene mzere umathyoka

Tiyi wolimidwa ku Thyolo ndi ku Mulanje akamagulitsidwa kunja amatchedwa *Malawian black tea*. Wotsatira OSASCOMP mwakhungu anganene kuti apa alakwitsa, popeza utoto uyenera kutsogolera dziko. Koma *black* pano sakunena za maonekedwe a tiyiyo. *Black tea* ndi mtundu wa tiyi, wosiyana ndi *green tea* pa kakonzedwe ka masamba kufakitale, ndiye mawu awiriwa amamatirana ngati "njinga yamoto". N'chimodzimodzi ndi *French red wine*, ndiponso *big toe*, dzina la chala chachikulu chakuphazi: munthu wopunthwa amati *my sore big toe*, ndipo ngakhale khanda lili ndi *a tiny big toe*. Apa mndandanda woloweza walephera, koma mfundo ija yakuti chomamatira ku dzina chimakhala pafupi ikugwirabe ntchito.

Mzere umathyokanso munthu akamasiyanitsa zinthu. Ngati pathebulo pali zikwama zing'onozing'ono zingapo ndipo mnzanu watola chofiira, mungamuuze kuti *no, the BLACK small bag*, mukukweza mawu pa *black*. Pamenepo "zikwama zazing'ono" ndilo gulu limene nonse mukulidziwa kale, ndipo utoto ndiwo ukusankha chimodzi. Zimenezi zimachitika polankhula, koma polemba ndi bwino kuzipewa, chifukwa pepala silikweza mawu.

Palinso mawu ena amene ali ndi khalidwe lawolawo. *Big* amakonda kutsogola ngakhale pa mawu a ganizo, makamaka onyoza: *a big ugly building* amamveka kawirikawiri. Mmbulu wa m'nthano za ana a ku Ulaya ndi *big bad wolf*, osati *bad big wolf*. Forsyth anafotokoza zimenezi ndi chizolowezi china cha Chingerezi, choti mawu ofanana kamvekedwe akatsatana, la *i* limatsogolera la *a* kapena *o*, monga mu *zigzag* ndi *tick-tock*. Ena amangoti ndi mawu amene anauma chomwecho kalekale. *Little* ndi *old* nawonso nthawi zina sanena za msinkhu kapena zaka, koma chikondi kapena chifundo, mofanana ndi *ka-* wathu mu "kamwana". Zikatero amasendera pafupi ndi dzina: *a brave little girl*, *a kind old man*.

Nthawi zina kusintha malo kumasintha tanthauzo lenilenilo. *A fake Italian bag* ndi chikwama chimene akunamizira kuti n'cha ku Italy, pamene *an Italian fake bag* chingakhale chopangidwadi ku Italy koma chachinyengo. Liwu lililonse limafotokoza zonse zimene zili kumanja kwake pamodzi, ndiye polisuntha mwasinthanso chimene likufotokoza.

Mpatuliro

Nkhani ya mzere imayendera limodzi ndi ya mpatuliro, ndipo ophunzira ambiri amamwaza mipatuliro paliponse poganiza kuti mawu akachuluka ayenera kulekanitsidwa. Afotokozi ochokera m'malo osiyana safuna mpatuliro: *a small black leather bag* amalembedwa choncho, wopanda kanthu pakati. Mpatuliro umabwera afotokoziwo akakhala a gulu limodzi, olemera mofanana, monga *a rude, lazy clerk*. Kuti mudziwe, yesani kuika *and* pakati pawo, kenako muwasinthanitse malo. *A rude and lazy clerk* ndi *a lazy, rude clerk* onse ali bwino, choncho mpatuliro ukufunika. *A small and leather bag* sakumveka, choncho mpatuliro usakhalepo. Mitundu iwiri ya utoto imalumikizidwa ndi *and*, monga *a black and white dress*, ndipo pakati pa mfotokozi womaliza ndi dzina sipakhala mpatuliro ngakhale pang'ono.

Mawu a kumapeto kwa mzere ali ndi misampha yawo iwiri. Dzina likagwira ntchito yofotokoza linzake, kawirikawiri limataya *-s* wosonyeza kuchuluka. Sitolo yogulitsa nsapato zambirimbiri ndi *a shoe shop*, ndipo mnyamata wazaka khumi ndi *a ten-year-old boy*, osati *ten-years-old*, ngakhale kuti pambuyo pa mneni timati *he is ten years old*. Pali ochepa osatsatira zimenezi, monga *sports bag* ndi *clothes shop*, ndipo amenewo amangofunika kuwadziwa. Msampha wachiwiri uli pa chopangira. Mawu ambiri sasintha, *cotton shirt*, *iron sheet*, *glass bottle*, koma mtengo ndi ubweya wankhosa zili ndi afotokozi akeake, *wooden* ndi *woollen*. Golide ali ndi awiri osiyana tanthauzo: *a gold ring* ndi mphete yopangidwa ndi golide, pamene *golden* kawirikawiri amanena za maonekedwe onga a golide. Chotero *gold* amaima pamalo a chopangira, *golden* pamalo a utoto, ndipo mpango wasilika wooneka ngati golide ndi *a golden silk scarf*.